Moni wa kwa apongozi a Chiyao: zomwe ndinaona ku Namwera

Ine ndine Mchewa wa ku Dowa, ndipo ku Mangochi ndinabwerera ntchito. Mayi akunyumba kwanga ndi Myao wa kumtunda, cha ku Namwera, kuja umafika ukawoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi n'kukwera mapiri a Chowe. Chikwatirire kumeneko, anyamata akwathu amene apeza mbeta kuno amakonda kundipempha kuti ndiwalembere mawu a Chiyao papepala oti akalankhule kwa makolo. Ndimawalembera ndithu, koma mawuwo ndi ochepa kwambiri, sadzaza n'theka la tsamba lomwe. Chimene chimatenga nthawi ndi kuwafotokozera kuti mawuwo amalowa pati, amayamba ndani, ndipo akatha umatani.

Wina amafunsa kuti nanga kuvutikiranji, popeza makolo ambiri ku Mangochi Chichewa amachimva. N'zoona. Kuyambira 1968 pamene Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko, ana a Chiyao akhala akuchiphunzira kusukulu ndi kuchimva pa wayilesi, pomwe ife Achewa palibe chimene chinatikakamiza kuphunzira chawo. Pa boma pano munthu ungathe zaka ukugula chambo ndi kukwera kabaza osadziwa liwu n'limodzi lomwe. Koma kumudzi kwa mayi akunyumbawa, m'khitchini ndi pakhonde chimamveka ndi Chiyao chokhachokha, ndipo agogo awo aakazi Chichewa amachimva pang'ono koma kuyankha amayankha m'chawo. Ukafika pakhomo lotero ndi Chichewa chako chokha, aliyense amasiya chiyankhulo cha kwawo kuti akulandire iwe. Amatero mosanyinyirika, koma amaona. Moni wa Chiyao ndiye amasonyeza kuti nawenso wasunthako pang'ono kuwalondola.

Choyamba chimene ambiri amachiphonya n'chakuti mlendo sayamba moni. Zimenezi n'zakwathu komwe, koma mantha amaiwalitsa. Mnyamata amaloweza funso lakuti “Ajimwiche uli?” njira yonse ali m'minibasi, kenako akafika amafuna kulitulutsa ali chiimire pabwalo chikwama chili kumsana. Sizitero. Ine sindinapite ndekha, ndinaperekezedwa ndi mchemwali wake wamkulu wa bwenzi langa, yemwe pano ndi mayi akunyumbawa, ndipo ulendowo unali wodziwika kale kwa amalume ake, amene mwana wa Chiyao amawatchula kuti akwelume. Ayao, monga ife Achewa, mbumba amaiwerengera kuchikazi, ndiye nkhani ya ukwati simalumpha amalume. Titafika tinaodira, mwana anabwera kudzalandira katundu, anandiikira mpando pamthunzi wa mango, ndipo ndinakhala kanthawi ndithu popanda wondilankhula. Kachetechete ameneyo si mkwiyo. Eni khomo amakhala akusamba m'manja, akumanga bwino chitenje, akuitanizana. Kenako amabwera mmodzimmodzi kudzapereka moni, ndipo iwe ntchito yako ndi kuyankha.

Choncho loweza yankho usanaloweze funso. Ngati ndi m'mawa adzati “Ajimwiche uli?”, ndiye kuti mwadzuka bwanji. Iwe uti “Najimwiche chenene, kwali wawo?”, kutanthauza kuti ndadzuka bwino, kaya iwo. Akayankha kuti nawonso adzuka chenene, utseke ndi “Sikomo.” Ngati dzuwa lapendeka adzati “Aswelele uli?”, mwaswera bwanji, ndipo yankho ndi “Naswelele chenene, kwali wawo?” Wa nthawi iliyonse, makamaka kwa munthu amene simunaonane, ndi “Ali uli?”, iwe n'kuti “Ndili chenene, kwali wawo?” Katchulidwe kamasiyana pang'ono malinga ndi dera. Pali ena amati njimwiche, ena kumapeto amati kwali walakwe kapena kwali wawojo. Usalimbane ndi zimenezo. Funsa mnzakoyo mmene amanenera mayi ake enieni, n'kutengera momwemo.

Kachidutswa ka “kwali wawo” ndiko kofunika kuposa zonse, ndipo ndiko kamagwa m'njira munthu akanjenjemera. Kuyankha kuti ndili bwino n'kukhala chete, kwathu komwe timati mwanayu ngwamwano. Munthu wamkulu wachoka pamphasa pake, wabwera kudzakufunsa za moyo wako, iwe osamufunsa za wake. Bola kulakwitsa katchulidwe ka mawu oyambawo kusiyana ndi kusiya kubweza funso.

Tsono pali nkhani ya ulemu wa m'mawu momwemo, imene imapusitsa Mchewa. Ife tikafuna kulemekeza munthu timati muli, mwadzuka, mwaswera. Khutu la Mchewa likamva anyamata a pa depoti akupatsana moni woyamba ndi m, limaganiza kuti wapeza ulemu uja. Ayi. M'Chiyao moni woyamba ndi m ndi wa anzako ndi ana. Munthu wamkulu umamulankhula ngati ukunena za wina, n'chifukwa chake mawu onse aja akuyamba ndi a: ali, ajimwiche, aswelele. Zili ngati momwe akuluakulu ena kwathu amanenera kuti “Adzuka bwanji amayi?” akulankhula ndi amayiwo maso ndi maso. Kusiyana kwake n'kwakuti kwa ife zimenezo n'zowonjezera, pomwe kwa Ayao ndiye njira yake yolankhulira ndi wamkulu. Mnzanga wina wa ku Ntchisi Chiyao chake anachitola kwa asodzi a ku Makawa, ndipo ankachithamangitsa bwino kuposa ine. Atapita kwa makolo a bwenzi lake analonjera bambo a pakhomopo monga amalonjerera anzake pa doko. Bambowo anayankha m'Chichewa, ndipo tsiku lonse sanabwererenso ku Chiyao. Chizindikiro chake n'chimenecho. Wamkulu sangakudzudzule, amangokubwezera ku chiyankhulo chako. Chiyao cholankhula ndi apongozi uchiphunzire kwa munthu amene amalankhula ndi apongozi, osati kumsika.

Chimodzimodzi nawenso adzakulankhula ndi a yemweyo. Mayi a bwenzi langa atanena kuti “Atame pasi” akuloza mpando, munthu wosadziwa akanacheuka kuona amene akuuzidwa. Ankauza ine kuti ndikhale pansi. “Ayiche” ndi bwerani, “Alye” ndi idyani. Mawu atatuwa sudzawalankhula iwe, koma uyenera kuwazindikira akamveka, chifukwa kukhalabe chiimire utauzidwa kukhala kumaoneka ngati kukana.

Mawu otchulira makolowo savuta. Baba ndi mama akwanira, ndipo agogo ndi anganga. Liwu lakuti akwegwe, ndiye kuti apongozi, lisunge mpaka ankhoswe atamanga nkhani. Kulitchula tsiku loyamba n'kudzipatsa malo amene sunapatsidwe. Dzina la munthu wamkulu silitchulidwa lokha lopanda Che patsogolo, ndipo amayi ambiri amadziwika ndi Abiti kutsogolo kwa dzina la bambo awo. Ngakhale utamva anzawo akuwaitana Abiti uje, iwe khala pa mama. Ndipo pali mawu ena oti asatuluke n'komwe. Liwu lija ena kwathu amatchulira Ayao kuti Achawa, ambiri salikonda. Nthabwala zoyerekeza mmene Myao amatchulira Chichewa, zija timaseka m'mabasi, uzisiye ku Dowa. Uwauziretu ndi abale ako amene adzabwere nawe tsiku la chinkhoswe, chifukwa mlamu mmodzi wansangala angathe kuwononga m'kamphindi zimene wamanga miyezi.

Thupi nalo limapereka moni wake. Bambo atabwera, ndinatsika pampando n'kunjuta, chipewa chili m'manja, ndipo atatambasula dzanja ndinalilandira ndi lamanja, lamanzere litagwira pamkono. Maso ndinawatsitsa. Zonsezi Mchewa woleredwa bwino amazidziwa. Pamene pamasiyana ndi pa amayi. Mayi a bwenzi langa sanafike pafupi. Anagwada chapatali ndithu, cha pakona ya khonde, mpango uli kumutu, n'kupereka moni ali pomwepo. Pakhomo pawo ndi Asilamu, ndipo amayi ambiri a Chisilamu sagwirana chanza ndi mwamuna amene si mbale wawo. Kuwonjezera apo pali manyazi a pakati pa mkamwini ndi apongozi aakazi, omwe ndi kwathu aliko. Ndiye lamulo ndi losavuta: dzanja usayambe ndiwe kulitambasula. Akakupatsa landira, akapanda kukupatsa omba m'manja pang'onopang'ono uli chinjutire, uyankhe moni mokweza pang'ono kuti amve pamene alipo. Kunyamuka kuwalondola ndi dzanja lili patsogolo kumawaika pamavuto, chifukwa akakana aoneka amwano, akalandira achita chimene safuna. Ukakhala kuti ndiwe mtsikana wa Chichewa wopita kwa makolo a mnyamata wa Chiyao, zimangotembenuka: umagwada, chitenje chofika kumapazi, mpango kumutu, ndipo kwa bambo umadikira kuti dzanja liyambe ndi iwo. Ukaitanidwa pamkeka, nsapato zitsale kunja kwa mkekawo, popeza mikeka ina ndi yomwe amaswalirapo.

Za “Salamu aleikumu” anthu amandifunsa kawirikawiri. Choyamba funsa ngati banjalo ndi la Chisilamu, usangoganiza. Ayao ambiri ku Mangochi ndi Asilamu, koma alipo a Anglikani kuyambira kalekale, monga cha ku Malindi ndi kwa Mponda, aliponso Akatolika. Safunsa anadya phula. Kwa apongozi anga, bambo akalowa pagulu la amuna amapereka salamu, ndipo ine ndimayankha nawo kuti “Wa aleikumu salamu”, popeza ndi mawu ofunirana mtendere ndipo palibe amene anakhumudwapo. Koma tsiku loyamba sindinayambe nawo ndine. Maganizo anga ndi akuti Mkhristu akafika ndi salamu pakamwa tsiku loyamba, makolo angamve ngati akulonjeza kulowa Chisilamu kapena akudzibisa chimene ali, ndipo nkhani ya chipembedzo, ya ukwati wa Chisilamu wotchedwa ndowa kapena ya ukwati wa kutchalitchi, ndi yolemera, yofunika kukambidwa poyera ndi ankhoswe. Moni wa Chiyao ulibe chipembedzo, ndiye ndi pabwino poyambira.

Tsiku lopita lisankhidwenso ndi nzeru. Lachisanu masana amuna amakhala ku mzikiti, ndiye ukafika nthawi imeneyo upeza amayi okha, amene sangakhale nawe pansi kucheza. M'mwezi wa Ramadhani akusala, ndipo ukafika masana adzavutika kukuphikira chakudya chimene iwo sadya. Mphatso ndi zomwe timadziwa: shuga, masamba a tiyi, sopo, mafuta ophikira, chitenje cha mayi. Ngati ukufuna kutenga nkhuku, tenga yamoyo kuti akazinge okha mwa chipembedzo chawo. Mphatsozo supereka m'manja mwa makolo uli pakati pa moni, umapatsira wokuperekeza kuti alowe nazo.

Tsopano ndifike pamene pamagwa anthu ambiri, moni utayenda bwino. Nditayankha bwinobwino kuti “Najimwiche chenene, kwali wawo?”, agogo aja anaseka mokondwa, anaomba m'manja, n'kuyamba kulankhula Chiyao chothamanga ngati akulankhula ndi mdzukulu wobadwira pomwepo. Apa m'pamene munthu amakopeka kumangoti “Elo, elo”, eya eya, akugwedeza mutu, kuti asaononge chisangalalocho. Usayerekeze. Sudziwa chimene ukuvomera. Mwina akufunsa ngati unakwatirapo, ngati uli ndi ana kwina, ngati udzamanga nyumba pamudzi pomwepo monga mkamwini kapena udzamutenga mwanayo kupita naye ku Dowa. Elo mmodzi pa funso lotero amakumbukiridwa, ndipo adzatuluka pa chinkhoswe ngati lonjezo. Bwenzi langa anali atandikonzekeretsa chiganizo chimodzi cha pamenepa: “Ngupikana panandi”, ndimamva pang'ono. Ndinachinena, kenako n'kupitiriza m'Chichewa chodekha kuti, “Agogo, Chiyao ndikuphunzira kumene, moni wokha ndi umene ndagwira. Ndipempha achemwaliwa azindithandiza.” Agogowo anatembenukira kwa mchemwali wa bwenzi langa n'kunena zina zimene zinaseketsa onse. Anandimasulira kuti akuti mwana amayamba n'kukwawa. Kuchoka apo kucheza kunayenda m'ziyankhulo ziwiri, ndipo palibe amene anaona chachilendo.

Womasulira asakhale bwenzi lakolo. Zimaoneka ngati ndiye woyenera, koma pamaso pa bambo ake mtsikana sangakhale pambali pa mwamuna n'kumanena mawu ake, ndipo kawirikawiri amakhala ali kukhitchini, osaoneka n'komwe mpaka nthawi ya madzi osamba m'manja. Komanso iye ali ndi mbali, ndiye amasalaza mafunso olimba ndi kukometsa mayankho ako, mpaka makolo n'kutsala ndi chithunzi cha munthu wina. Mchemwali wake wamkulu, msuweni, kapena mlamu amene anakwatira kale pamudzipo ndiye abwino. Polankhula, nkhope iloze kwa kholo ngakhale mawu akudzera mwa womasulira. Lankhula ziganizo zifupizifupi, uziima kuti amasulire, ndipo Chingerezi cha kuntchito chichoke m'kamwa. Mayi amene Chichewa amachimva bwino amatayika ukangoyamba kusakaniza.

Nanga mawu otentha mtima, osonyeza chikondi, ndi ati? Achinyamata ena amafuna ndiwaphunzitse kunena m'Chiyao kuti ndimamukonda mwana wanu. Ndimakana. Mawu amenewo pamaso pa makolo, kwathu kapena kuno, amachititsa manyazi aliyense amene ali pamenepo, ndipo cholinga cha ulendo chimanenedwa ndi ankhoswe, osati mwini wake. Chikondi cha mlendo kwa makolo chimamveka m'mafunso. Moni ukatha pamabwera malonje, ndipo apa m'pamene umasonyeza kuti unafunsiratu za banjali. Bwenzi langa anali atandiuza kuti agogo mwendo ukuwavuta, kuti bambo chaka chimenecho analima fodya ndi nandolo, ndi kuti mchimwene wake ali ku Joni, monga alili anyamata ambiri a ku Mangochi. Ndiye ndinafunsa za mwendowo, ndinafunsa ngati mvula inagwa bwino kumundako, ndinafunsa ngati a ku Joni akuimba foni. Zonsezi m'Chichewa. Bambo amene anayamba ndi mayankho a liwu limodzi anafika pofotokoza za mtengo wa feteleza kwa nthawi yaitali, ndipo mayi anasendera pafupi pang'ono kuti amve za mwana wawo wa ku Joni. Nawonso akakufunsa za kwanu, usangoti onse ali bwino. Tchula kuti mayi ali bwanji, amalume ali kuti, kwanu mvula yatani. Akufuna adziwe kuti uli ndi anthu kumbuyo kwako.

Mawu amodzi a Chiyao amene ndinawasungira malo awiri ndi “Sikomo kwejinji”, zikomo kwambiri. Ndinawanena nditamaliza kudya, ndiponso potsanzika. Lilime la Mchewa limathamangira ku z, ndiye yeserera kuti s amveke. Chakudyacho ndinadyera padera m'nyumba pamodzi ndi mnyamata wina wa pakhomopo, nsima ya mgaiwa, nkhuku ndi nandolo. Kudyera padera koteroko ndi ulemu, osati kusalidwa. M'Chiyao nsima ndi ugali, madzi ndi mesi, ndipo ukafuna kuyamikira chakudya liwu lakuti yambone, zabwino, limakwanira. Mayi amene waphika akamva liwu limenelo kuchokera kwa mwana wotenga mbale, uthenga wafika.

Potsanzika sudzuka n'kungonyamuka. Umauza wokuperekeza kuti dzuwa lapita, iye n'kukauza eni khomo, iwo n'kubweranso kudzakhala. Ukatero umathokoza, n'kunena kuti “Asigale chenene”, tsalani bwino. Iwo adzati “Ajende chenene”, pitani bwino. Awiriwa amasokonezeka mosavuta, ndipo wopita akanena ajende amakhala ngati akuthamangitsa eni nyumba. Amangoseka, koma ndi bwino kuwagwira molondola popeza ndiwo mawu omaliza amene atsale nawo. Agogo ukawatsanzike pawokha pamene akhala, usawaphatikize m'gulu.

Tsiku limene mabanja awiri anakumana linali ndi zovuta zake, chifukwa tsopano olankhula sanali ine. Kwathu kunabwera amalume, mayi anga ndi mlongo wanga. Amalume anakana kuphunzira liwu lililonse, amvekere, “Ine ndakula, lilime lauma.” Sindinawakakamize, ndipo ndikuona kuti munthu wamkulu sayenera kukakamizidwa, chifukwa akalakwitsa pagulu manyazi ake ndi aakulu kuposa a mnyamata. Chimene ndinawapempha n'chakuti akalonjeredwa m'Chiyao ayankhe m'Chichewa mwaulemu wonse, osadabwa kapena kuseka. Zinatheka bwino lomwe. Akwelume a mkazi wanga anati “Ali uli?”, amalume anga n'kuti “Tili bwino, kaya anzathu kuno?”, ndipo aliyense anamva mnzake. Ziyankhulo ziwirizi n'zapachibale moti moni umadutsa wokha. Pa nkhani yeniyeni ya ukwati, ankhoswe a mbali zonse anagwirizana poyamba kuti akamba m'Chichewa, ndipo mfundo iliyonse ikamangidwa, mmodzi wa kuchikazi aziibwereza m'Chiyao kuti agogo ndi amayi ena amve. Zinatalikitsa mwambo, koma pambuyo pake panalibe wonena kuti ine sindinamve zimenezo.

Ndinawachenjezanso abale anga za kunong'onezana. Mlendo amaganiza kuti akalankhula Chichewa chakuya cha ku Dowa motsitsa mawu palibe akumva, chonsecho pafupifupi onse pabwalopo akumva. Mbali inayo ndi imene ili ndi mwayi wolankhula zosamveka kwa alendo, ndipo ikatero Mchewa amayamba kukayika kuti akunenedwa. Mlongo wanga anandikoka malaya kangapo kufunsa kuti akuti chiyani, akuseka chiyani. Nthawi zambiri zinali za mbuzi yolowa m'khitchini kapena mwana wotaya madzi. Msuweni wa mkazi wanga ataona zimenezo anakakhala pakati pa amayi a kwathu n'kumawauza mwachidule chimene chasekedwa. Ngati ndiwe wa mbali yolandira alendo, konzeratu munthu wotero. Ntchito yake si kumasulira za ankhoswe, koma tinkhani tapambali timene timapangitsa mlendo kudzimva kuti ali pakati pa anthu.

Mayi anga ndiwo anandidabwitsa. M'minibasi kuchokera pa boma anandiuza kuti ndiwaphunzitse liwu limodzi lokha loti akanene kwa mnzawo, ndipo anasankha “Sikomo kwejinji.” Atafika anagwada moyang'anizana ndi mayi a mkazi wanga, onse awiri pansi, anagwirana manja nthawi yaitali monga amachitira amayi. Mayi anga analankhula m'Chichewa kuti, “Mwatilerera mwana, ife tabwera kudzathokoza,” n'kumaliza ndi mawu awiri a Chiyao aja. Anzawo anayankha m'Chiyao chokhachokha, mayi anga akuvomera ndi mutu, ndipo apa sindinaope elo wolakwika chifukwa zinali zothokozana basi. Mpaka lero akaimbirana foni, wina amalankhula chake wina chake, ndipo pakavuta amaitana mdzukulu.

Moni wa pafoni nawo uli ndi kachitidwe kake, poti masiku ano apongozi umalankhula nawo pafoni kambiri kuposa pamaso. Ukaimba ndiwe, ndiye kuti funso lija unaloweza lapeza ntchito: “Baba, ajimwiche uli?” kapena “Mama, aswelele uli?” malinga ndi nthawi. Dikira ayankhe, abweze funso, uyankhe, ufunse za anganga ndi ana, kenako ndiye unene chimene waimbira. Mayunitsi amatha, inde, koma kuyamba ndi “Mwalandira ndalama ija?” moni usanathe kumapweteka kuposa kusaimba. Ndipo ukayamba kupereka moni wa Chiyao usadzausiye ukwati ukamangidwa. Makolo amazindikira msanga mkamwini amene analoweza mawu kuti apeze mkazi. Ine ndinkawonjezera pang'onopang'ono pomvera nkhani za m'Chiyao pa wayilesi ya MBC ndi kufunsa ana a pamudzipo mayina a zinthu, popeza ana satopa kukonza munthu ndipo samubisira akalakwitsa. Panopa ndimatha kutsatira zokamba za pakhonde, ngakhale poyankha nkhani yaitali ndimabwererabe ku Chichewa, ndipo bambo amandilola. Akafuna kundiuza za malire a munda kapena za maliro, amayamba m'Chiyao, akaona kuti ndatayika amabwereza m'Chichewa, kenako n'kundifunsa kuti ndinene zimene ndamva.